Timagalafu ta Sparkline mu Excel

Sparkline ndi kagalafu kakang'ono kamene kamakhala m'kabokosi kamodzi ka tebulo, pambali pa mzere wa manambala. Kalibe mutu ngakhale manambala m'mbali mwake. Ntchito yake ndi kuonetsa ngati zinthu zikukwera, zikutsika kapena zangoima. Dzinali analitchukitsa ndi Edward Tufte, ndipo timagalafuti tinayamba kupezeka mu Excel 2010.

Mwachitsanzo, mwini golosale walemba malonda a shuga, sopo ndi mafuta ophikira kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo manambala ali m'mabokosi B2 mpaka G4. Kuti aike timagalafu, amatsegula Insert n'kusankha Line pa gulu la Sparklines. Pa Data Range amalemba B2:G4, pa Location Range amalemba H2:H4, kenako amadina OK. Katundu aliyense amakhala ndi kamzere kake, ndipo nambala ikasinthidwa, kamzereko kamasinthanso kokha.

Kamzere kopanda zizindikiro kamavuta kuwerenga. Munthu akadina kagalafu kamodzi, pamwamba pamatuluka timabokosi tochonga. High Point imaika kadontho pa mwezi umene malonda anakwera koposa, Low Point pa mwezi umene anatsikitsitsa, pamene Last Point imaonetsa mwezi womaliza. Markers imaika kadontho pa mwezi uliwonse, koma miyezi ikachuluka timadontho timapanikizana mpaka kamzere kamabisika. Timadontho tiwiri kapena titatu timakwanira.

Mtundu wa kamzere umasinthidwa pa Sparkline Color, pomwenso pali Weight yonenepetsera kamzereko. Mitundu ya timadontho ili pa Marker Color. Kamzere kotuwa, kadontho kobiriwira pokwera ndi kofiira potsika zimaoneka msanga. Komabe pepala likasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, chofiira ndi chobiriwira zimafanana, choncho ndi bwino kuti kadontho kamodzi kakhale kodera kwambiri kuposa kanzake. Timagalafu topangidwa nthawi imodzi timakhala gulu limodzi, ndipo mtundu ukasinthidwa pa kamodzi, tonse timasintha. Wofuna kuti sopo akhale ndi mtundu wakewake amayamba wadina Ungroup.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi msinkhu wa timizere. Excel imatambasula kamzere kalikonse kuti kadzaze kabokosi kake. Shuga akakwera kuchoka pa mapaketi 200 kufika pa 400, sopo n'kungochoka pa 20 kufika pa 24, timizere tonse tiwiri timaoneka ngati takwera mofanana. Vutoli limadziwika poyerekeza timizere ndi manambala ake. Limakonzedwa pa Axis posankha Same for All Sparklines pa malire apansi ndi apamwamba omwe. Zikatero kamzere ka shuga kamakwera moonekera, ka sopo kamangogona pansi.

Batani la Delete silichotsa kagalafu kotere. Kamachoka ndi Clear, imene ili pafupi ndi Ungroup.