Modemu Pazenera Kapena Antena Padenga: Yezani Kaye Musanagule

Pafupifupi chaka chilichonse ndikayamba kuphunzitsa mutu wa mafunde mu fizikisi, pamapezeka wophunzira wofunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji intaneti imakana m'nyumba koma ukangotuluka panja imagwira?" Yankho lake lili m'mutu womwewo. Modemu, kaya ndi kaja kobaya pa kompyuta kapena kabokosi kogawa waifai, imalankhulana ndi nsanja ya netiweki pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Mafundewa ndi a banja limodzi ndi kuwala, ndipo monga kuwala amatha kutchingidwa, kumwedwa kapena kubwezedwa.

Mdani woyamba ndi denga la malata. Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi ngati mmene kalilole amabwezera kuwala, choncho ochokera chakumwamba salowa. Khoma la njerwa kapena la simenti silibweza onse, koma limamwa gawo la mphamvu yawo, ndipo likanyowa ndi mvula limamwa kwambiri. Galasi wamba la pazenera limamwa pang'ono chabe. Ndiye m'nyumba ya malata ndi njerwa, zenera ndilo khomo lalikulu la netiweki. Koma si zenera lililonse. Lofunika ndi loyang'ana kumene kuli nsanja, ndipo ngati lili ndi sefa wachitsulo wotchinga udzudzu, ndiye kuti khomolo ndi lotseka pang'ono, chifukwa sefayo amabweza mafunde pafupifupi ngati lata lomwe.

Vuto ndi lakuti timizere tosonyeza netiweki sitinena zambiri. Mizere iwiri pa foni ina ikhoza kukhala itatu pa inzake. Ine ndimauza ophunzira anga kuti tichite ngati asayansi: tiyeze. Lumikizani foni ku modemu, tsegulani tsamba la modemuyo polemba nambala yake ya pa intaneti. Mamodemu ambiri a Huawei amatsegukira pa 192.168.8.1, ena pa 192.168.0.1, yanuyo yalembedwa kunsi kwa modemu kapena m'kabuku kake. Ngati muli pa 4G, fufuzani pamene palembedwa RSRP. Imeneyi ndi mphamvu ya mafunde amene akufika, ndipo imayezedwa mu dBm.

Nambala zake zimakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndiye samalani: -90 ndi yabwino kuposa -110. Mongoyerekeza, cha m'ma -80 ndiye kuti zili bwino, cha m'ma -100 zayamba kuvuta, ndipo mukatsikira ku -115 intaneti imangoduladula. Chinanso, muyezo umenewu suyenda ngati wa rula. Mukapindula 3 dB, mphamvu yawirikiza kawiri. Mukapindula 10 dB, yawirikiza kakhumi.

Tiyerekeze nyumba ya mphunzitsi pasukulu ya kumudzi, nsanja ili makilomita angapo chakum'mawa. Patebulo la pabalaza modemu ikuonetsa -112. Pazenera la kumadzulo ikuonetsa -109, pomwe pazenera la kum'mawa ikuonetsa -102. Kusiyana kwa tebulo ndi zenera la kum'mawa ndi 10 dB. Apa modemu ikulandira mphamvu yochuluka kakhumi, osalipira ngakhale tambala. Pamalo alionse dikirani ngati mphindi imodzi, lembani nambala katatu, kenako mutenge ya pakati, chifukwa nambalayi imasinthasintha.

Mukapeza zenera labwino musathere pomwepo. Sunthani modemu pang'onopang'ono, kutalika kwa chikhatho chimodzi, n'kuyezanso. Chifukwa chake chili mu fomula yathu ija, `v = fλ`. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Imodzi mwa mafulikwensi odziwika a 4G ndi 1800 MHz, ndipo mukagawa mupeza kuti funde limodzi ndi lotalika masentimita pafupifupi 17. M'nyumba mafunde amafika pa modemu kudzera njira zingapo, ena molunjika, ena atagunda khoma kapena malata. Pena amathandizana, pena amafafanizana, ndipo malo abwino ndi oipa amatalikirana masentimita ochepa okha. N'chifukwa chake mbali ina ya zenera lomwelo imagwira pomwe ina ikukana. Mungosamala dzuwa: modemu ikatentha kwambiri imachepetsa liwiro kapena kuzima, choncho itchingeni ndi katoni kapena nsalu, osati lata.

Nanga ngati pazenera pomwe pakukanikabe? Apa ndi pamene antena ya panja imabwera. Antena siipanga mphamvu yatsopano ayi. Imachita ngati kambale konyezimira ka mutochi: imasonkhanitsa mafunde a mbali imodzi n'kusiya a mbali zina. Phindu lake limalembedwa mu dBi. Ikakhala ndi phindu lalikulu, imafunanso kuilozetsa bwino kunsanja, ndiye itembenuzeni pang'onopang'ono wina akukuwerengerani RSRP m'nyumba.

Koma pali msampha umene umadyetsa anthu ndalama, ndiwo waya. Mafunde akamayenda m'waya kuchoka ku antena kupita ku modemu, mphamvu ina imasanduka kutentha. Waya wowonda wa mtundu wa RG58 amataya kuposa theka la dB pa mita iliyonse pa 1800 MHz, pomwe wonenepa ngati LMR-400 amataya pafupifupi 0.2 dB pa mita.

Tibwerere kunyumba ija. Tinene kuti pamwamba pa mtengo wautali pambali pa denga, modemu payokha ikuonetsa -98. Tikaikapo antena ya 11 dBi, tingayembekeze pafupifupi -87. Tsopano tilumikize waya wowonda wa mamita 10 wotaya 0.7 dB pa mita: tataya 7 dB, kuphatikiza 1 dB ya m'zolumikizira, ndipo tafika pa -95. Ndi waya wonenepa tikanataya 3 dB yokha yonse pamodzi, n'kufika pa -90. Kusiyana kwa 5 dB kumeneku ndi mphamvu yoposa katatu. Ndipo waya wowonda uja akanakhala wa mamita 20, tikanabwerera pa -102, chimodzimodzi ndi pazenera paja, ndalama zitapita kale. Lamulo lake ndi losavuta: waya akhale wamfupi, modemu ikhale pafupi ndi antena, mtunda wotsalawo umalizidwe ndi waifai.

Musanagule, onani ngati modemu yanu ili ndi pobayira antena. Mabokosi akuluakulu amakhala ndi zolumikizira za SMA, timamodemu ting'onoting'ono tina tili ndi TS9 kapena CRC9, ndipo tambiri tilibiretu. Ngati pobayira pali pawiri, ndi chifukwa 4G imagwiritsa ntchito antena ziwiri nthawi imodzi kuti liwiro likwere, choncho antena ya mawaya awiri ndiyo yoyenera. Kukwera padenga asiyireni akuluakulu. Mtengo wa antena ukhale kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo kukamachita ziphaliwali zulani waya wa antena ku modemu.

Pali matenda amodzi amene zenera ndi antena sizingachize. Ngati RSRP yanu ili bwino, tinene -85, intaneti imathamanga m'bandakucha koma madzulo n'kumakwawa, vuto si mafunde. Anthu achuluka pa nsanja imodzi ndipo akugawana liwiro, ngati mzere wa pa mjigo. Njira yodziwira ndi kulemba RSRP ndi liwiro la intaneti m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. RSRP ikakhala yomweyo koma liwiro lokha n'kumagwa, sungani ndalama ya antena ija, muyese kaye simu ya kampani ina.