Ojambula zipangizo zomasula ndi amakaniki a mijigo ku Chiradzulu

M'midzi yambiri ya boma la Chiradzulu, kuyambira ku Mbulumbuzi ndi Namadzi mpaka ku Namitambo, madzi akumwa amachokera pa mjigo wa mtundu wa Afridev, umene unachokera ku mjigo wa Maldev womwe unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo pambuyo pake unakonzedwanso ku Kenya. Mapulani a mjigowu si chuma cha kampani imodzi, chifukwa bungwe la SKAT la ku Switzerland linawalemba kuti fakitale iliyonse iziwatsata, kotero kuti chipangizo chogulidwa ku Limbe chimayenera kulowa pa mjigo wa ku Thumbwe popanda kuchisema. Kuti zimenezi zitheke pamafunika ntchito ya wojambula mapulani a makina, munthu amene anthu otunga madzi samuona, koma amene pepala lake limafika m'manja mwa makaniki wa m'dera, makomiti a mijigo ndiponso ogulitsa zipangizo m'magolosale.

Pepala limene anthuwa amalidalira kwambiri ndi chojambula chomasula, ndiye kuti chithunzi choonetsa makina ngati amasulidwa, chipangizo chilichonse chitatalikitsidwa pang'ono ndi chinzake koma chikuyang'anabe malo amene chimalowa. Chojambula wamba cha makina omanga kale chimabisa zam'kati, ndipo chikadulidwa pakati kuti zam'katizo zioneke chimafuna munthu amene anaphunzira kuwerenga mapulani, monga amene amachokera ku MUBAS ku Blantyre kapena ku makoleji a ntchito zamanja. Amakaniki ambiri a mijigo sanapite kumeneko. Ndi alimi kapena okonza njinga amene anachita maphunziro a masiku ochepa, ndipo iwo chimene amafuna kudziwa ndi chakuti ichi chimalowa kuti, chimayamba ndi chiti, nanga pogula achitchula bwanji.

Wojambula waluso sayamba ndi kumwaza zipangizo, amayamba wafunsa kaye kuti makinawo amamasulidwa motani pamene ali pa chitsime. Zidutswa zimene zinawotcheredwa pamodzi, monga mutu wa mjigo, kapena zomatidwa ndi guluu, monga mapaipi a pulasitiki okweza madzi, sazilekanitsa pa chithunzi chifukwa makaniki sadzazilekanitsanso. Akatero amasankha mbali yoonera, kawirikawiri yopendeka imene mizere yake yogona imakwera ndi madigiri 30 kuti mbali zitatu za chinthu zionekere limodzi, kenaka amakoka chipangizo chilichonse motsata njira imene chimatulukira ndi kulemba kamzere kopyapyala ka tizidutswa ndi timadontho kosonyeza njirayo. Pa kompyuta, mapulogalamu monga SolidWorks amathandiza kukoka zipangizozi, koma sadziwa chimene dzanja la munthu limayamba kugwira, ndiye dongosolo limakhalabe udindo wa wojambula.

Chitsanzo chabwino ndi pamene hendulo imalumikizana ndi mutu wa mjigo. Pali mapini awiri: yaitali imene hendulo imazungulirapo, ndi yaifupi imene imanyamula hang'ala, kachitsulo komwe ndodo zopita pansi zimalendewerako. Pini iliyonse imakhala ndi mabushi mbali zonse ziwiri, ndipo bushi iliyonse ili ndi zidutswa ziwiri za pulasitiki, chamkati ndi chakunja. Wojambula akapatsa pini yaitali nambala 1, yaifupi nambala 2, bushi yamkati nambala 3 ndi yakunja nambala 4, ndiye kuti nambala 3 ndi 4 ziyenera kukhala zomwezo pa mapini onse awiri, chifukwa mabushiwo ndi ofanana, ndipo pa mndandanda alembe kuti zamkati ndi 4, zakunjanso ndi 4. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. Ena amapatsa mabushi a pa hang'ala manambala atsopano, wogula n'kumasakasaka mtundu wachiwiri wa bushi umene kulibe, pamene ena amawerenga mabushi a pini imodzi yokha, komiti n'kugula theka la zofunika, ndipo pakapita nthawi pang'ono hendulo imayambanso kugwedezekera m'mbali, zitsulo n'kuyamba kudyana.

Malamulo a manambalawa alipo, ndipo muyezo wa ISO 6433 umafuna kuti zipangizo zofanana zikhale ndi nambala imodzi, manambala alembedwe kunja kwa chithunzi, ndipo mizere yolozera isadutsane. Muyezo wa ISO 7573 ndi umene umanena za mndandanda wa zipangizo, tebulo limene mzere wake uliwonse umakhala ndi nambala ya pa chithunzi, dzina la chipangizo, kuchuluka kwake, chimene anapangira ndi nambala yake ya kufakitale. Mndandandawu ukakhala pa pepala lomwelo pamwamba pa bokosi la mutu wa pulani, umawerengedwa kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti zipangizo zina zikawonjezedwa malo apezeke. Manambala awiriwo sayenera kusokonezedwa, popeza ya pa chithunzi imagwira ntchito pa pepala limenelo lokha, pamene ya kufakitale imatsata chipangizocho kulikonse kumene chapita, ndipo ndi imene wogulitsa amaitanitsira katundu.

Pansi pa chitsime nkhani imakula chifukwa kumeneko maso safika. Mu silinda ya mamilimita 50 muli pulanja, imene imakweza madzi, ndi futivavu, imene imawaletsa kubwerera pansi. Pa mtundu wa pulasitiki ziwirizi zili ndi thupi lofanana ndipo iliyonse ili ndi bobini m'kati, koma pulanja imavala yusili, labala la mphako, pamene futivavu imavala oringi, labala lozungulira ngati mphete. Chithunzi chiyenera kuonetsa poyera kuti mphako ya yusili imayang'ana kumwamba, chifukwa ndi kulemera kwa madzi kumene kumaitambasula kuti igwire khoma la silinda. Ikavekedwa chozondoka hendulo imapepuka ndipo madzi amatuluka ochepa kapena satuluka konse. Ngati oringi kapena bobini ya futivavu yatha, madzi amatsika usiku, ndipo woyamba kutunga m'mawa amapopa nthawi yaitali asanaone dontho. Palinso pulanja yachitsulo imene imavala labala la mtundu wina, choncho pepala losanena kuti likuonetsa mtundu uti, kapena linakonzedwa liti, lingathe kuchititsa komiti kuwononga ndalama zosonkha pa labala losalowa.

Zipangizo zina sizingalembedwe kuchuluka kwake kamodzi n'kutha. Ndodo za mjigo zimakhala za mamita 3 iliyonse, kotero chitsime chimene silinda yake ili pa mamita 30 chimafuna ndodo pafupifupi 10, pamene china cha m'dambo chimafuna zochepa. Wojambula amaonetsa ndodo imodzi yokha, ndipo pa mndandanda amalemba kuti kuchuluka kwake kumatsata kuya kwa chitsime, zimene zimasiyira komiti udindo wosunga chiwerengerocho m'buku lake kuyambira tsiku limene mjigo unaikidwa.

Luso lomweli likusoweka kwa amisiri owotcherera amene amapanga mawilibala, ngolo ndi makina opukusira chimanga m'misika ya bomali, chifukwa ambiri amasunga miyezo m'mutu, ndipo mmisiri akasamukira ku Limbe kapena ku Joni wogula amatsala ndi makina amene palibe wina akudziwa mabawuti ake. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja, monga ya DAPP ku Mikolongwe, ndiponso a TEVETA amene amayang'anira maphunzirowa, angachite bwino kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense wopanga chinthu chokhala ndi zidutswa zambiri azipereka chinthucho pamodzi ndi chojambula chomasula ndi mndandanda wake, ndipo mayeso ake akhale akuti mnzake amene sanachionepo achimange poyang'ana pepala lokhalo.