Momwe Hyundai idachokera pa galimoto za amphawi osataya amphawiwo

Mu 1986 kampani ya Hyundai, ya ku South Korea, idayamba kugulitsa galimoto ku Amereka. Idayamba ndi kagalimoto kotchedwa Excel, pa mtengo wa madola 4,995, wotsika kwambiri poyerekeza ndi galimoto zina zatsopano za nthawiyo. Anthu adakakhamukira, moti m'chaka choyamba chokha adagula zoposa 160,000. Ambiri mwa ogulawo adali anthu amene akadangogula galimoto yakale chifukwa chochepekedwa.

Chisangalalo sichidakhalitse. Galimotozo zinkawonongeka pafupipafupi, ndipo dzina la Hyundai lidasanduka choseketsa. Pofika 1998 malonda a kampaniyi ku Amereka adali atatsika kufika pa galimoto pafupifupi 90,000 pa chaka. Lero kampani yomweyi ili ndi galimoto zapamwamba za Genesis zimene zimapikisana ndi Mercedes-Benz ndi BMW, komabe munthu wa malipiro wamba akadalowa m'sitolo yake n'kupezamo yomuyenera. Aliyense amene malonda ake amadziwika ndi kutchipa, ndipo akufuna kuti anthu aziwapatsa ulemu, ayenera kuyang'anitsitsa ndondomeko imene Hyundai idatsata, makamaka chimene idayambira ndi chimene idamalizira.

Sidayambe ndi mtengo. Idayamba ndi katundu weniweniyo. Chung Mong-koo atatenga utsogoleri wa kampaniyi mu 1999, adaika mtima wake wonse pa kuthetsa zilema za galimoto kuyambira kufakitale. Nthawi yomweyo nthambi ya ku Amereka idalonjeza chinthu chimene makampani ambiri akuluakulu sankayerekeza: injini ndi giyabokosi zikawonongeka m'zaka 10, kapena galimoto isanayende mamailosi 100,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 160,000, kampani idzakonza ulere kwa mwini wake woyamba.

Lonjezoli ndilo mtima wa nkhani yonse. Munthu amene adapsa kale ndi katundu wako sakhulupirira chithunzi chokongola m'nyuzipepala. Amakhulupirira akaona kuti iwenso uluza ndalama ngati ukunama. Chitsimikizo cha zaka 10 chidachotsa chiopsezo pa mutu wa wogula n'kuchiika pa mutu wa kampani. Chidakakamizanso mainjiniya kugwira ntchito yolongosoka, poti galimoto iliyonse yobwerera kugalaja inkadya phindu. Koma chofunika koposa n'chakuti woyamba kupindula adali kasitomala wakale uja. Iye amene adagula Hyundai chifukwa cha umphawi tsopano ankapeza galimoto yolimba pa mtengo umene ankaukwanitsabe, ndipo manyazi oimika galimotoyo pakati pa anzake adayamba kuchepa. Mu 2004, pa kafukufuku wa bungwe la J.D. Power wowerenga zovuta zimene eni galimoto zatsopano amakumana nazo m'miyezi yoyambirira, kampani ya Hyundai idafanana ndi ya Honda pa malo achiwiri, kumbuyo kwa Toyota.

Apa m'pamene idayesa kukwera. Mu 2008 idatulutsa galimoto yaikulu yotchedwa Genesis, pa mtengo woyambira cha m'ma madola 33,000, ndipo mu 2009 galimotoyi idasankhidwa kukhala yopambana ya chaka ku North America. Onani kuti padadutsa zaka pafupifupi khumi kuchokera pa lonjezo lija. Onaninso kuti Genesis idabwera ngati chowonjezera pamwamba. Accent, imene idalowa m'malo mwa Excel, pamodzi ndi Elantra, zidakhalabe m'sitolo pa mitengo ya anthu wamba. Ndipo mu Januwale 2009, chuma cha Amereka chili pamavuto aakulu, kampaniyi idalengeza kuti wogula galimoto pa ngongole akachotsedwa ntchito m'chaka choyamba akhoza kuibweza. Uthenga umenewo sudali wa olemera. Udali wa munthu amene amagona akuwerengera malipiro a mwezi wamawa, ndipo udamuuza kuti ngakhale kampani yayamba kucheza ndi mabwana, iye sidamuiwale.

Dzina lili ndi denga, ndipo Hyundai idaligunda. Mu 2010 idabweretsa ku Amereka galimoto ya Equus, ya madola pafupifupi 58,000. Munthu wotulutsa ndalama zotere safuna kukhala pa mzere umodzi ndi wokonzetsa Accent, choncho kampani idakonza zoti galimotoyo izikatengedwa kunyumba kwa mwini wake ikafuna kukonzedwa. Njira imeneyi idangophimba vutolo. Mu Novembala 2015 Genesis idapatulidwa kukhala dzina loima palokha, ndi chizindikiro chakechake, monga momwe Toyota idachitira ndi Lexus mu 1989. Ine ndimaona kuti uku kudali kuvomereza choonadi chimene eni malonda ambiri amachikana: dzina limodzi likhoza kukwera kuchoka pa kutchipa kufika pa kudalirika, koma kuti lifike pa ulemerero pamafunika dzina lina. Volkswagen, imene dzina lake limatanthauza galimoto ya anthu wamba, idayesa kugulitsa galimoto yamtengo wapatali ya Phaeton pansi pa dzina lomwelo kuyambira 2002. Galimotoyo idali yabwino, koma ogula adali ochepa, ndipo idasiya kupangidwa mu 2016.

Kuti tione kuopsa kochita zinthu mwaphuma, tiyang'ane masitolo a zovala a J.C. Penney, a ku Amereka komweko. Makasitomala ake adazolowera timapepala tochotsera mtengo ndi maselo a pafupipafupi. Kumayambiriro kwa 2012 bwana watsopano, Ron Johnson, wochokera ku Apple, adathetsa zambiri mwa zimenezi nthawi imodzi, n'kuyamba kukonza masitolo kuti akope ogula amakono. Sadayesere kaye m'masitolo ochepa. Akale adachoka, atsopano sadabwere mokwanira, ndipo malonda a chaka chimenecho adatsika ndi pafupifupi 25 pa 100 aliwonse. Mu Epulo 2013 Johnson adachotsedwa ntchito. Iye adalanda makasitomala chimene ankabwerera asanawapatse china. Hyundai idayamba ndi kuwapatsa.

Kodi mwini malonda angadziwe bwanji kuti wayamba kuthamangitsa anthu ake? Ndalama zonse zolowa zimanyenga, chifukwa mtengo ukakwera zikhoza kuoneka bwino kwa kanthawi pamene anthu akuchepa. Choyenera kuwerenga ndi chiwerengero cha katundu wotchipitsitsa amene akutuluka mwezi ndi mwezi, ndiponso kuchuluka kwa ogula akale amene akubweranso. Ziwirizi zikamatsika pamene katundu wapamwamba sanayambe kuyenda, ndiye kuti mwasiya nthambi imodzi musanagwire inzake. Chizindikiro china chili pakamwa pa ogulitsa anu: akayamba kunyalanyaza wofunsa katundu wotchipa n'kuthamangira wovala suti, uthenga wafika kale kwa makasitomala.

Njira ya Hyundai nayo ili ndi malire ake. Ndi yodula, imafuna zaka zambiri, ndipo lonjezo lalitali likhoza kugwetsa kampani imene katundu wake sanakonzeke. Komanso khomo lapansi limakwera pang'onopang'ono. Accent idasiya kugulitsidwa ku Amereka itatha ya 2022, ndipo wofuna Hyundai yatsopano yotchipitsitsa kumeneko adatsala ndi Venue kapena Elantra, zodulirapo. Ena mwa ogula a mtundu wa 1986 aja adabwerera ku galimoto zakale. Kampani imene ikukwera imataya ena ndithu, koma Hyundai idachedwetsa kutayako zaka zoposa makumi awiri, mpaka itapeza ogula okwanira pamwamba.

Inu amene muli ndi malonda odziwika ndi kutchipa, musasinthe chikwangwani kapena mtengo kaye. Konzani katunduyo, lonjezani kubweza ndalama kapena kukonza ulere akalephera, ndipo siyani chinthu chimodzi pa mtengo umene kasitomala wanu wakale angafike.