Maola Awiri Amene Anasowa

Seva yakale ili ku Lilongwe, yatsopano ikutsata nthawi ya UTC. Atasamutsa nkhokwe ya MySQL, malipiro a 1 koloko usiku akuoneka ngati a 11 koloko dzulo lake.

Palibe chafufutika. Danga la `TIMESTAMP` limasunga nthawi mu UTC, n'kuionetsa malinga ndi chigawo cha seva, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola 2. Danga la `DATETIME` silisintha, choncho madanga awiriwa akasemphana ndi maola 2 ndendende, gwero lapezeka.

Musathamangire kuwonjezera maola m'zolembedwazo, mudzaononga zabwinobwino. Lamulo ili likwanira pa kulumikiza kulikonse:

```
SET time_zone = '+02:00';
```

Koma za `DATETIME` zolembedwa ndi `NOW()` chisamukireni n'zofunika kukonza pazokha.