Kawerengedwe ka Malipiro a pa Sabata a Wantchito wa Pakhomo Wolipidwa pa Tsiku

M'makomo ambiri a m'mawodi a boma lino muli anthu amene amabwera m'mawa kudzachapa, kusesa, kuphika ndi kulera ana, n'kubwerera kwawo madzulo. Ambiri mwa iwo anapangana ndi owalemba ntchito kuti malipiro aziwerengedwa pa tsiku koma azilandira Loweruka. Pa mgwirizano wotere pamakhalanso mfundo zina zitatu: kubwezeredwa ndalama ya thiransipoti, kusalipidwa pa tsiku limene munthu sanagwire ntchito, ndi kudulidwa ndalama ya chakudya chamasana. Mkangano wa Loweruka madzulo nthawi zambiri suyamba chifukwa cha nkhanza kapena umbava. Umayamba chifukwa ndalama zosiyana zasakanizidwa n'kutchulidwa ngati chiwerengero chimodzi. Njira youpewera ndiyo kuwerengera ndalama iliyonse payokha, ndi masiku akeake, kenaka n'kuphatikiza pamapeto.

Malipiro enieni ndi masiku ake

Malipiro enieni ndi mtengo wa thukuta la munthu. Amapezeka pochulukitsa ndalama ya tsiku limodzi ndi masiku amene ntchito yagwiridwa. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti wantchito asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24, ndiponso kuti maola a ntchito a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata. Choncho sabata yathunthu ya wolipidwa pa tsiku imakhala ya masiku asanu ndi limodzi, ndipo m'makomo ambiri tsiku lopuma ndi Lamulungu.

Malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza amatsata kawerengedwe komweka. Mu 2024 boma linaika malipiro ochepetsetsa a antchito a pakhomo pa K52,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 linawakweza kufika pa K72,800. Ndalama zimenezi zikagawidwa ndi masiku 26 zimapereka K2,000 ndi K2,800 pa tsiku. Masiku 26 ndi mwezi wochotsedwa kale masiku opuma. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku la Lamulungu silinalowe m'chiwerengero kuyambira pachiyambi, kotero palibe chodulanso chifukwa cha tsikulo. Popeza boma limasintha malipirowa nthawi ndi nthawi, ofesi ya zantchito ya pa boma ndiyo imapereka chiwerengero chimene chikugwira ntchito pa nthawi imene anthu akupangana.

Tsiku lopuma la pa sabata n'losiyana ndi tsiku limene wantchito wapempha yekha kuti akachite zake, monga kupita kumudzi kapena ku msonkhano wa makolo kusukulu. Ngati awiriwo anagwirizana kuti tsiku lotere sililipidwa, ndiye kuti limangochoka pa masiku owerengedwa. Si chindapusa, ndipo wolemba ntchito sawonjezerapo chilango china.

Thiransipoti ndi chakudya

Ndalama ya thiransipoti si malipiro. Ndi ndalama imene wantchito waitulutsa kale m'thumba mwake n'kupereka kwa kondakitala wa minibasi kapena kwa wakabaza, ndipo wolemba ntchito akungomubwezera monga anapanganirana. Imatsata maulendo amene ayendedwa. Tsiku limene munthu sanabwere palibe chobweza, ndipo tsiku limene wabwera amabwezeredwa ulendo wobwera ndi wobwerera womwe.

Ndalama ya chakudya imayenda mosiyana, chifukwa imachoka pa malipiro. Lamulo limalola kuti gawo lina la malipiro liperekedwe ngati zinthu m'malo mwa ndalama, malinga ngati zinthuzo n'zothandiza wantchitoyo ndipo mtengo woikidwa pa izo ndi wachilungamo. Mtengo wa mbale ya nsima ndi ndiwo zophikidwa pakhomo uyenera kuyandikira zimene zalowa mu mphika, osati mtengo wa kulesitilanti. Uyeneranso kugwirizanidwa ntchito isanayambe, ndipo umadulidwa pa masiku okhawo amene chakudya chadyedwa. Makomo ambiri sadula kalikonse pa chakudya, ndipo pamene nkhaniyi sinakambidwe pachiyambi, siyenera kutulukira mwadzidzidzi pa tsiku lolandira.

Chitsanzo cha sabata imodzi

Ziwerengero zotsatirazi n'zachitsanzo chabe. Mayi wina amagwira ntchito pakhomo lina kuyambira Lolemba mpaka Loweruka pa K4,000 pa tsiku. Minibasi ndi K700 ulendo umodzi, ndiye kuti K1,400 kupita ndi kubwera. Chakudya chamasana anagwirizana kuti ndi K500. Sabata ina mayiyu anapempha kuti Lachinayi asabwere. Lachiwiri anabwera, koma anatumidwa kumsika ndi kuchigayo mpaka masana anapitirira, ndipo sanadye pakhomopo.

Choyamba ndi malipiro enieni. Masiku ogwiridwa ndi asanu: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka. Masiku asanu pa K4,000 ndi K20,000.

Chachiwiri ndi chakudya. Mayiyu anadya masiku anayi okha, popeza Lachinayi kunalibe ndipo Lachiwiri sanadye. Mbale zinayi pa K500 ndi K2,000. Pa K20,000 pakachoka K2,000 patsala K18,000, ndipo iyi ndiyo ndalama imene yatsala m'manja mwake ngati phindu la ntchito ya sabatayo.

Chachitatu ndi thiransipoti. Anayenda masiku asanu pa K1,400, zomwe ndi K7,000. Ndalama iyi imawonjezedwa pamapeto, zodula zonse zitatha. K18,000 kuphatikiza K7,000 ndi K25,000, ndipo ndiyo imene mayiyu ayenera kulandira Loweruka.

Chooneka pa chitsanzochi n'chakuti masiku a ndalama zitatuzi safanana nthawi zonse: asanu a ntchito, anayi a chakudya, asanu a ulendo. Munthu amene amawerenga masiku kamodzi kokha n'kuwagwiritsa ntchito ponseponse amalakwitsa.

Zolakwika zofala ndi zizindikiro zake

Cholakwika choyamba ndi kuyambira pa ndalama ya sabata yathunthu n'kungochotsa tsiku limodzi. Sabata yathunthu ya mayi uja ndi K24,000 ya malipiro, kuchotsa K3,000 ya chakudya, kuwonjezera K8,400 ya thiransipoti, zonse pamodzi K29,400. Wolemba ntchito akangochotsapo K4,000 ya Lachinayi amapeza K25,400. Kusiyana ndi ndalama yoyenera ndi K400 yokha, ndipo kumaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma mkati mwake mwabisala zolakwika ziwiri. Wolemba ntchito wabweza K1,400 ya ulendo umene sunayendedwe, ndipo wadula K1,000 ya mbale ziwiri zimene sizinadyedwe. Sabata ino zolakwikazo zatsala pang'ono kufafanizana, koma sabata ina zidzagwera munthu mmodzi.

Cholakwika chachiwiri ndi kudula tsiku lopuma kawiri. Wina amati sabata ndi K24,000, n'kuchotsa K4,000 ya Lachinayi, n'kuchotsanso K4,000 ya Lamulungu, n'kutsala ndi K16,000. Komatu K24,000 ija inali kale ya masiku asanu ndi limodzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: malipiro enieni akagawidwa ndi ndalama ya tsiku limodzi ayenera kubweza masiku amene munthu wagwira. K16,000 kugawa ndi K4,000 ikupereka masiku anayi, pamene mayiyu wagwira asanu.

Cholakwika chachitatu ndi choopsa kuposa zinazi, chifukwa chimabisa malipiro otsika. Wolemba ntchito amanena kuti amapereka K3,400 pa tsiku, koma mkati mwake muli K1,400 ya minibasi. Malipiro enieni ndi K2,000, amene ali pansi pa K2,800 ya mu 2025. Poyerekeza ndi malipiro ochepetsetsa, thiransipoti iyenera kuikidwa pambali, chifukwa ndalama imeneyo imathera pa msewu ndipo sifika pakhomo pa wantchitoyo. Muyeso wosasiya chikayiko ndi kuona zimene zatsala pa tsiku chakudya chitadulidwa. Kwa mayi wa m'chitsanzo chija ndi K3,500, imene ili pamwamba pa mlingo wa boma wa mu 2025. Zotsalazo zikatsika pansi pa mlingowo, mgwirizanowo ufunika kuonedwa ndi mlangizi wa ku ofesi ya zantchito.

Zimene zimasintha chiwerengero

Nthawi zina pakhomo pamabwera alendo kapena pamagwa zovuta, ndipo wantchito amaitanidwa pa tsiku lake lopuma. Lamulo la Ntchito limanena kuti ntchito ya tsiku lotere ilipidwe kawiri mlingo wa nthawi zonse. Mayi uja akanagwira tsiku lonse la Lamulungu akanalandira K8,000 ya tsikulo. Thiransipoti siwirikizidwa, ikhalabe K1,400, pokhapokha ngati mtengo wa ulendo pa tsikulo unali wina. Maola owonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipidwa kamodzi ndi theka. Pa K4,000 ya maola asanu ndi atatu, ola limodzi ndi K500, ndipo ola lowonjezera ndi K750.

Mtengo wa minibasi nawo umakwera mafuta akakwera kapena akasowa. Apa mawu a mgwirizano ndi ofunika. Ngati anapangana zobweza ndalama yoyendera, ndiye kuti imatsata mtengo weniweni wa tsikulo: ulendo ukafika pa K900, kubweza kumakhala K1,800. Ngati anapangana ndalama yokhazikika, kukwera kwa mtengo kumadya malipiro a wantchito, ndipo pa chitsanzochi ndi K400 tsiku lililonse, K2,400 pa sabata yathunthu. Zikatero n'koyenera kukhalanso pansi n'kukambirana.

Kope la pakhomo

Lamulo limafuna kuti wantchito polandira malipiro apatsidwe chikalata chosonyeza malipiro onse, zodulidwa ndi chifukwa chake, komanso ndalama yotsala. Pakhomo, kope wamba la sukulu limathandiza kukwaniritsa zimenezi. Tsamba lililonse likhale la sabata imodzi, lokhala ndi mizere ya masiku ndi magawo atatu: wagwira, wadya, wayenda pa ndalama zingati. Chizindikiro chiikidwe madzulo alionse wantchito asanachoke, pamene onse awiri akukumbukira za tsikulo. Loweruka magawo atatuwo amawonkhetsedwa, onse awiri amasaina kapena kudinda chala, ndipo wantchito amatenga pepala lake lolembedwa chimodzimodzi. Ngati ndalama yatumizidwa pa foni, ndalama yotapira kwa ejenti iganiziridwe, kuti K25,000 ifike m'manja ili K25,000.

Pamene awiriwo alephera kumvana, dandaulo limapita ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ndipo likakanika kumeneko limatha kufika ku khoti loona za anthu apantchito. Ku malo onse awiriwa funso loyamba limakhala la masiku amene anagwiridwa ndi ndalama imene inaperekedwa, ndipo amene wafika ndi kope losainidwa amakhala ndi poyambira.