Chifukwa chake wotsika mtengo sapambana tenda nthawi zonse

Boma likamagula simenti kapena mabuku, tenda imapita kwa wotsika mtengo amene wakwaniritsa zonse zofunika. Koma likamafuna akatswiri, monga mainjiniya ojambula pulani ya mlatho, mtengo pawokha sukwanira. Luso nalo limapatsidwa malikisi, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi kulemera kwake.

Tiyerekeze kuti khonsolo ina yalengeza ntchito yotere. M'chikalata choitanira makampani yalemberatu kuti luso lidzatenga magawo 80 pa 100, mtengo magawo 20. Malikisi a luso yawagawanso: 10 pa ntchito zimene kampani inagwirapo kale, 40 pa ndondomeko ya kagwiridwe ka ntchito, 50 pa maphunziro ndi ukadaulo wa anthu ake. Wosafika 70 wagwa.

Kampani iliyonse imapereka maenvelopu awiri, ya luso ndi ya mtengo. Ya mtengo imakhala chitsekere kufikira kuchonga luso kutatha, kuti ochonga asakopeke ndi ndalama. Ochongawo amakhala atatu kapena kuposerapo, ndipo amayamba asainira kuti alibe ubale kapena phindu m'makampaniwo. Aliyense amachonga payekha, kenako malikisi awo amaphatikizidwa n'kugawidwa ndi chiwerengero chawo. Ngati pa ndondomeko awiri apereka 35 ndi 33 koma wachitatu wapereka 15, pamenepo pali nkhani. Mwina sanawerenge tsamba lina, mwina akukondera. Ayenera kuloza m'chikalata chimene chamuchititsa kutero, ndipo chifukwacho chilembedwe.

Tinene kuti kampani yoyamba yapeza 90, yachiwiri 80, yachitatu 65. Yachitatuyi yagwa, envelopu yake ya mtengo ibwezedwa osatsegula. Yoyamba ikufuna K50 miliyoni, yachiwiri K40 miliyoni. Wotsika mtengo amalandira 100. Winayo amagawa mtengo wotsikitsitsa ndi mtengo wake n'kuchulukitsa ndi 100, choncho yoyamba yapeza 80.

Tsopano kulemera kuja kugwire ntchito. Yoyamba itenga 72 pa luso ndi 16 pa mtengo, zonse pamodzi 88. Yachiwiri itenga 64 ndi 20, zonse pamodzi 84. Yoyamba yapambana ngakhale ndi yodula.

Koma luso ndi mtengo zikanalemera mofanana, theka ndi theka, yoyamba ikanapeza 85, yachiwiri 90. Malikisi ndi omwewo, mitengo ndi yomweyo, wopambana wasintha. N'chifukwa chake muyeso umalengezedwa makampani asanapereke zikalata zawo, ndipo suyenera kusinthidwa maenvelopu atatsegulidwa. Amene wausintha pakati pa njira wasankha yekha wopambana.

Ochonga sapereka kontirakiti. Amalemba lipoti n'kulipereka ku komiti yoona zogula ya bungwelo, ndipo ku Malawi bungwe la PPDA ndilo limayang'anira kuti malamulo a kagulidwe ka boma akutsatidwa. Kampani imene yagonja ili ndi ufulu wofunsa pamene inatayira malikisi, ndipo ikaona kuti muyeso wogwiritsidwa ntchito si umene unalengezedwa, ikadandaule.