Kufufuza Tchaja ya Laputopu Popanda Dzina la Kampani

Laputopu zambiri za kaunjika zimafika popanda tchaja, kapena tchajayo imapsa dzina la kampani litafufutika kale. Kulemba pa Google mawu oti "tchaja ya laputopu" sikuthandiza, chifukwa mumalandira mitundu mazanamazana yomwe yambiri siingakwane. Chofunika ndi manambala.

Tembenuzani laputopuyo muone pansi pake. Nthawi zambiri pamakhala kachizindikiro kolembedwa mwachitsanzo `19V 3.42A`. Nambala ya V ndi mphamvu yomwe makinawo amafuna, ndipo tchaja yatsopano iyenera kutulutsa yomweyo ndendende. Nambala ya A ikhoza kukhala yokulirapo popanda vuto, koma ikachepa tchaja imatentha kwambiri ndipo batire limalephera kudzaza mukamagwira ntchito. Mukachulukitsa 19 ndi 3.42 mumapeza pafupifupi 65, ndiye chifukwa ogulitsa amalemba `65W`.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa kamutu kolowa m'laputopu. Timitu tina timafanana m'maso, kunja kuli mamilimita 5.5, koma kabowo ka mkati n'kosiyana: ena 2.5, ena 1.7. Yezani kapena funsani wokonza makompyuta akuyezereni, kenako lembani zonse pamodzi, m'Chingerezi popeza ndimo ogulitsa amalembera:

```
laptop charger 19V 3.42A 5.5x1.7mm
```

Zotsatira zikatuluka, musakhulupirire mutu wa malondawo. Kulitsani chithunzi cha tchajayo muwerenge mzere wa `OUTPUT`, chifukwa ogulitsa ena amaunjika manambala osiyanasiyana pamutu kuti katundu wawo azioneka kwa aliyense.